Mawu a Aphunzitsi Pansi pa Pepala la Alijebula

Mphunzitsi wa masamu akachonga pepala la mafunso 20 n'kupeza mwana walakwa 9, asamangolemba kuti "Limbikira". Ayang'anenso zolakwazo. Nthawi zambiri zimachokera pa zizolowezi ziwiri zokha, ndipo n'zimene ayenera kulembera mwanayo ndi cholembera chofiira chija.

Wophunzira wa Fomu 2 ndinamulembera chonchi:

"Mwanawe, mafunso 6 wagwa pa chinthu chimodzi. Pochotsa mabulaketi ukuchulukitsa chiwalo choyamba chokha. Walemba −2(x − 3) = −2x − 3, pomwe yankho ndi −2x + 6, chifukwa −2 ayenera kuchulukitsanso −3. Udziyese wekha: ika x = 1. Kumanzere upeza 4, koma yankho lako likupereka −5. Zikasiyana chonchi, dziwa kuti pena palakwika.

"Mafunso atatu otsalawo ukuphatikiza zosafanana: 3x + 2 si 5x. Bwerezanso nambala 4, 7 ndi 12, undionetse Lachisanu."

Sindinamuuze kuti abwereze onse 9, ayi. Mwana ukamusenzetsa pepala lonse amangokopera kwa mnzake, pomwe atatu amakhala nawo pansi yekha.