Pamene 138 ndi 184 zimapanga 230: masamu a feza pa magetsi

Tengani rezista ndi koyilo ya waya, muzilumikize mondondozana, kenako muzipatse magetsi a mavoti 230 onga amene ESCOM imabweretsa m'nyumba. Mukayeza ndi mita, pa rezista mutha kupeza mavoti 138, pa koyilo mavoti 184. Mwana wa pulayimale angakuuzeni kuti ziwirizi zikwana 322. Komatu pa soketi mita ikuwerengabe 230, ndipo siyinawonongeke. Nanga mavoti 92 alowera kuti?

Yankho lagona pa khalidwe la magetsi a AC. Magetsi a batire amayenda njira imodzi ndi mphamvu yokhazikika, koma a pa soketi amakwera, kutsika, kutembenuka n'kubwereranso, ka 50 pa sekondi iliyonse. Volteji yake imafika pafupifupi 325 mbali ina, kudutsa pa ziro, n'kukafika 325 mbali inayo. Nambala ya 230 imene mita imaonetsa, yotchedwa RMS, ndi volteji ya batire imene ingatenthetse waya mofanana ndi magetsi osinthasinthawa. Mukajambula kukwera ndi kutsikaku mumapeza funde losalala lotchedwa saini.

Tsono pa rezista, volteji ndi karenti zimafika pachimake nthawi imodzi. Koyilo ndi yosiyana: imakana kusintha kwa karenti, motero volteji yake imatsogola ndi gawo limodzi la magawo anayi a funde. Pamene volteji ya rezista ili pachimake, ya koyilo ili pa ziro. Kuphatikiza 138 ndi 184 n'kuwerengera pamodzi zinthu zimene sizichitika nthawi imodzi.

Kale, wofuna yankho lolondola ankayenera kulimbana ndi masamu a kalikulasi, kapena kujambula mizere papepala n'kumayeza ndi rula. Mu 1893, pa msonkhano wa akatswiri a magetsi ku Chicago, Charles Proteus Steinmetz, mbadwa ya ku Breslau amene anagwira ntchito ku kampani ya General Electric ku America, anafotokoza njira yachidule. Chaka chomwecho Arthur Kennelly analembanso za maganizo ofanana nawo. Njira imeneyi ndiyo masiku ano imatchedwa feza.

Ganizirani wilo la njinga likuzungulira mosasintha liwiro, inu mukuyang'ana valavu yake. Valavuyo imakwera ndi kutsika, ndipo kutalika kwake kuchokera pa habu, mukakulemba mphindi ndi mphindi, kumatulutsa funde la saini lija. Choncho funde lililonse la saini tingaliyimirire ndi muvi wozungulira. Mu seketi imodzi, mivi yonse imazungulira pa liwiro lofanana, ka 50 pa sekondi, ndipo palibe umene umapitirira unzake. Ngati zili choncho, kuzungulirako sikukutiuza chatsopano. Timaimitsa mivi yonse pa mphindi imodzi n'kusunga zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa muvi ndi kumene waloza. Muvi woimitsidwawo ndiye feza.

Kuti muviwo ulowe mu kakyuleta, umalembedwa ngati nambala ya mbali ziwiri, imene a masamu amaitcha kompulekisi: mbali yopingasa ndi mbali yoimirira. Yoimirirayo imayamba ndi chilembo j. A masamu amalemba i, koma kwa anthu a magetsi chilembo chimenecho ndi cha karenti kale. Kuchulukitsa ndi j kumatanthauza kutembenuza muvi madigiri 90. Mukachita kawiri, muvi umaloza kumbuyo, n'chifukwa chake j × j = −1. Phindu lalikulu lili apa: chimene koyilo imachita ku funde, chomwe chimafuna kalikulasi, chimasanduka kuchulukitsa ndi j basi.

Tibwerere ku seketi yathu. Tinene kuti rezista ndi ya maomu 30, ndipo koyilo, ya mahenire pafupifupi 0.127, imatchinga karenti ndi maomu 40 pa magetsi osintha ka 50 pa sekondi. Kutchinga konse pamodzi, kotchedwa impidansi, kumalembedwa Z = 30 + j40. Mbali ziwirizi zimapanga ngodya ya madigiri 90, ndiye lamulo la Pythagoras limapereka kutalika kwa muvi: √(30² + 40²) = 50. Muviwo wapendekeka madigiri pafupifupi 53.

Apa lamulo la Ohm, limene ana amaphunzira ndi batire ku sekondale, limagwiranso ntchito: I = V / Z. Mavoti 230 kugawa ndi maomu 50 ndi maampeya 4.6, ndipo karentiyo imatsalira m'mbuyo mwa volteji ndi madigiri 53, kutanthauza pafupifupi magawo atatu mwa 1,000 a sekondi. Pa rezista pali 4.6 × 30 = 138, pa koyilo 4.6 × 40 = 184. Polemba ngati feza, volteji yonse ndi 138 + j184, ndipo kutalika kwa muvi umenewu ndi 230 ndendende. Palibe voti imene inasowa.

Izi si masewera a m'kalasi, chifukwa mota ya pampu kapena ya chigayo imaoneka chonchi kwa magetsi: mbali ina imagwira ntchito, mbali ina ndi koyilo. Mu chitsanzo chathu, 230 × 4.6 ndi 1,058, koma mphamvu imene ikugwiradi ntchito ndi mawati 635 okha. Karenti inayo imangopita ndi kubwerera pakati pa koyilo ndi thiransifoma, kwinaku ikutenthetsa mawaya. Feza imaonetsanso mankhwala ake. Tikayesa karenti potengera volteji ya pa soketi, timapeza I = 2.76 − j3.68. Kapasita imachita zosemphana ndi koyilo: karenti yake imatsogola. Mukalumikiza kapasita ya mamaikolofaradi pafupifupi 51 m'mbali mwa seketiyo, imakoka +j3.68, mbali yoimirira ija n'kufafanizika. Karenti ya m'mawaya imatsika kuchoka pa 4.6 kufika pa 2.76, ntchito ili yomweyo. N'chifukwa chake mafakitale okhala ndi mamota ambiri amaika makabati a makapasita pafupi ndi bolodi lawo la magetsi.

Njirayi ili ndi malire. Choyamba, mafunde onse ayenera kusintha pa liwiro limodzi. Apo ayi mivi siyingaimitsidwe pamodzi. Chachiwiri, feza imafotokoza seketi imene yakhazikika. Zimene zimachitika pa kamphindi koyatsa swichi kapena mphezi ikamenya laini zimafuna masamu ena. Chachitatu, funde liyenera kukhala la saini lenileni. Matchaja a foni ndi mainveta otsika mtengo amapotoza funde, ndipo feza imodzi siyikwanira kulifotokoza. Mita wamba imathanso kunama pa funde lotere, kupatula yolembedwa True RMS.

Ophunzira ambiri amagwa pa zinthu ziwiri: kusakaniza 325 ndi 230 m'samu imodzi, ndiponso kusiya kakyuleta pa RAD pamene ngodya zili m'madigiri. Njira yodziwira kuti mwasokoneza ilipo. Mu seketi ya rezista ndi koyilo, karenti iyenera kutsalira ndi ngodya ya pakati pa 0 ndi 90. Yankho lanu likaonetsa karenti ikutsogola, bwererani mukaone pamene chizindikiro cha j chinatembenuka, ndipo musanayambe kuwerengera jambulani kaye miviyo papepala.