Galimoto Yakalamba, Koma Mabwana Akufuna Umboni

M'maofesi ambiri, pempho logula galimoto yatsopano limayamba ndi dandaulo. Dalaivala wauza woyang'anira mayendedwe kuti pikapu yatha, woyang'anirayo walemba kalata ya mizere isanu yoti galimoto yakalamba ndipo ikuvutitsa, kenako kalatayo yakagona m'kabati ya abwana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Akuluakulu a kampani ali ndi mapempho ena patebulo: denga la nyumba yosungiramo katundu likudontha, antchito akufuna malipiro akwere. Kukalamba kwa galimoto pakokha sikuwauza kanthu. Funso lawo ndi limodzi: kusunga yakaleyi kukutidyera ndalama zingati, ndipo yatsopanoyo idzatidyera zingati?

Yankho lake lili m'mapepala amene ambiri sawalabadira. Loyamba ndi logibuku, buku lija dalaivala amalembamo makilomita ponyamuka ndi pobwera, komanso malita a mafuta amene wathira. Ena ndi malisiti a ku galaja a zaka zitatu zapitazo, ndi ndandanda wa masiku amene galimoto inaima osagwira ntchito. Ndandanda umenewu kawirikawiri supezeka wokonzeka kale. Wolemba pempho amachita kuutolera kuchokera pa madeti olowera ndi otulukira ku galaja. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma ndi imene imapatsa chikalata mphamvu. Ngati logibuku ili ndi masamba osalemba, kapena makilomita a pa lisiti ya galaja sakugwirizana ndi a m'buku, akauntanti adzaziona msanga, ndipo akatero adzakayikira manambala ena onse.

Tiyerekeze kampani yogulitsa mbewu ndi zipangizo za ulimi ku Kasungu, imene pikapu yake imayenda makilomita 40,000 pachaka kukasiya katundu m'masitolo a kumidzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, kuti njira yowerengera ioneke bwino. Chaka chatha kukonzetsa kunadya K9 miliyoni. Galimotoyo inakhala ku galaja masiku 40, ndipo tsiku lililonse kampani inkachita hayala ina pa K150,000, zomwe zikukwana K6 miliyoni. Pa lita imodzi ya dizilo imayenda makilomita 8, choncho inamwa malita 5,000. Tikati lita ndi K4,000, mafuta adya K20 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K35 miliyoni pachaka.

Tsopano yatsopano. Tinene kuti mtengo wake ndi K120 miliyoni, ndipo ikatha zaka zisanu ingagulitsidwe pa K60 miliyoni. Ndiye kuti chaka chilichonse ikutsika mtengo ndi K12 miliyoni, ndalama imene sioneka pa lisiti iliyonse koma ndi yeniyeni. Sevisi idya K3 miliyoni. Pa lita iyenda makilomita 10, ndiye mafuta atsika kufika K16 miliyoni. Inshulansi ikwera ndi K5 miliyoni, pakuti galimoto yodula chonchi palibe angaiike pa inshulansi yongolipira anthu ena ikachita ngozi. Zonse pamodzi, K36 miliyoni.

Apa ndi pamene olemba ambiri amakhumudwa, ena mpaka kuyesa kubisa inshulansi kapena kukokomeza mtengo wa hayala. Kutero n'kudziwonongera mlandu. Kusiyana kwa K1 miliyoni kukhale poyera, chifukwa mfundo yeniyeni ili pa kumene zinthu zikulowera. Malisiti a zaka zitatu aja akasonyeza kuti kukonzetsa kunali K4 miliyoni, kenako K6 miliyoni, tsopano K9 miliyoni, aliyense aona yekha kuti chaka chamawa sichidzakhala chabwino. Pamwamba pake pakhale kalata ya makaniko wodalirika yofotokoza zimene wapeza: injini ikumwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu, giyabokosi ikulira, ndipo kukonza zonsezi kufuna K8 miliyoni ina. Yakale ija yadumpha kale K40 miliyoni.

Ndiye pali funso la nthawi imene galimoto inafa. Masiku khumi ku galaja mu June si ofanana ndi masiku khumi mu November, alimi akuthamangira mbewu mvula yoyamba isanagwe. Mlimi akapeza sitolo ilibe mbewu sadikira. Amagula kwa wina, ndipo malondawo apita mpaka chaka chamawa. Wolemba wanzeru amapita ku ofesi ya zamalonda kukatenga maoda amene analephera kutumizidwa pa masiku amenewo, n'kulemba mtengo wake. Alembe okhawo amene ali ndi pepala. Zongomva kuti makasitomala akudandaula sizilowa m'masamu.

Mabwana amakayikira chikalata chobwera ndi yankho limodzi lokha, ngati kuti wolemba anasankha kale galimoto imene mtima wake ukufuna. N'chifukwa chake njira zina ziyenera kuonekera pambali pake, iliyonse ndi mtengo wake: kukonzetsa yakaleyo kotheratu, kumangochita hayala nyengo yotanganidwa, kapena kugula yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Yotsirizayi imakopa chifukwa mtengo wa pa intaneti umaoneka wotsika, koma umenewo si mtengo wofikira pakhomo. Pali ndalama zoitulutsira padoko la Dar es Salaam, zoiyendetsera mpaka ku Songwe, msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiponso kulembetsa ku ofesi yoona za pamsewu. Palibenso chitsimikizo cha wogulitsa choti ikawonongeka msanga aikonza ulele. Mtundu wa galimoto nawonso ufotokozedwe molingana ndi ntchito: katundu wolemera bwanji, misewu yotani nthawi ya dzinja, masipeya ake akupezeka kuti. Pikapu ngati Toyota Hilux imakondedwa kuno kwathu makamaka chifukwa amakaniko ambiri amaidziwa ndipo masipeya ake savuta kwenikweni.

Ku Malawi pali msampha wina umene chikalata chabwino chimatchula poyera. Galimoto zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Pempho lililonse limene linali kudikira siginecha masiku amenewo linasanduka pepala lachabe. Choncho makoteshoni, amene maofesi ambiri amafuna akhale atatu, asonyeze tsiku lothera, ndalama imene mtengo wawerengedwera, ndiponso ngati galimotoyo ilipo kale m'dziko muno kapena ichita kuitanitsidwa. Ngati ndalama zichokera ku banki, chiwongoladzanja chilowe m'masamu, pakuti m'zaka zaposachedwa chakhala chopitirira 20 peresenti, ndipo chokhacho chingapangitse kuti yogwirapo kale ntchito ipambane yatsopano. Ngati masamu atero, wolemba anene zomwezo.

M'maofesi a boma njira yake ndi yotalikirapo, chifukwa kugula ndi kugulitsa katundu kumatsata malamulo amene bungwe la PPDA limayang'anira, ndipo ndalamazo ziyenera kukhala kuti zinaikidwa kale mu bajeti. M'mabungwe odalira thandizo, wopereka ndalama naye amakhala ndi malamulo ake.

Tsamba loyamba lilembedwe pomalizira. Pakhale pempho lenilenilo m'ziganizo zitatu kapena zinayi: galimoto yanji, ya ndalama zingati, ndalamazo zichokera kuti, yakaleyo igulitsidwa motani, ndipo chigamulo chikufunika pofika tsiku liti koteshoni isanathe. Pansi pake pabwere tebulo limodzi loyerekeza njira zonse pa zaka zisanu. Malisiti, kalata ya makaniko ndi masamba a logibuku zimatidwe kumbuyo. Chikalatacho chisanapite kwa akuluakulu, akauntanti wa kampani achione kaye, chifukwa pamsonkhano ndi iyeyo amene abwana adzamufunse ngati manambalawo ndi oona.