Mawu akang'ambika pojambula: zokonzeka ndi zosakonzeka

Kwaya yaimba mokoma, mpingo wonse waombera m'manja. Koma mwafika kunyumba, mwatsegula zimene munajambula kuchokera pa mikisa, ndipo paliponse pamene amayi a sopulano akweza mawu pakumveka kuti "khrrr", ngati wina akung'amba chitenje. Atsogoleri a kwaya funso lawo n'limodzi: "Kodi zikonzeka?" Musafulumire kulonjeza. Yambani mwaona kuti mawuwo anaonongekera pati.

Chojambulira cha digito chimasunga mawu ngati manambala. Pa muyeso wa CD chimayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse, umene amautcha sampulo, sungapitirire 32,767. Limeneli ndi denga, ndipo pa mita ya pakompyuta ndi pamene pali `0 dB`. Mawu akafuna kulipitirira, makinawo amangolemba nambala yomweyo mobwerezabwereza. Nsonga ya funde la mawu imadulidwa, pamatsala poti see ngati pamwamba pa tebulo. Akatswiri amati kilipingi. Zimene zinali pamwamba pa dengalo sizinabisike penapake ayi, sizinalembedwe n'komwe.

Kulemedwa pang'ono ndi nkhani ina. Kumachitika mawu asanasanduke manambala, maikolofoni kapena mikisa ikalandira mphamvu yoposa imene imakwanitsa bwinobwino. Nsonga zimafinyika, zimabulungira kapena kupendekeka, koma sizikhala mzere woongoka. M'khutu mawu amamveka onenepa ndi osasa pang'ono, osati othetheka.

Khutu lokha limanamiza, makamaka pa sipika ya foni. Tsegulani failoyo mu Audacity, pulogalamu yaulere, pitani pomwe pakung'ambikapo, ndipo kulitsani chithunzi mpaka masampulo azioneka ngati timadontho. Timadontho tikandanda pa mzere umodzi, imeneyo ndi kilipingi. `Find Clipping` imakuikirani chizindikiro pamene masampulo atatu kapena kuposerapo agunda denga motsatizana.

Apa mpamene ambiri amapusitsika ndi mizere yofiira imene pulogalamuyi imatha kuonetsa. Mzere wofiira ungatuluke chifukwa cha sampulo imodzi yokha imene yakhudza denga, chinthu chimene khutu silingamve. Komanso failo ingakhale yopanda chofiira chilichonse koma ili yoonongeka kotheratu. Wina akaona kuti mawu ang'ambika n'kuwatsitsa asanakupatseni, matebulo aja amangotsika, mwina kufika pa `-6 dB`, koma amakhalabe matebulo. Kutsitsa voliyumu sikubweza nsonga.

Nanga kukonza? Tiyeni tiwerengere limodzi. Noti ya A, imene oimba amachunira zida, imagwedezeka ka 440 pa sekondi, choncho funde limodzi limatenga masampulo pafupifupi 100: theka pamwamba, theka pansi. Ngati pa masampulo 50 a pamwambawo adulidwa asanu okha, mbali yokwera ndi yotsika zilipo zokwanira kuti kompyuta ijambule nsonga yofanana ndi imene inalipo. Ndiyo ntchito ya `Clip Fix` mu Audacity, kapena `De-clip` mu iZotope RX yomwe ndi yogula. Nsonga zatsopano zimafuna malo, n'chifukwa chake `Clip Fix` imatsitsa mawu ndi `-9 dB` mukapanda kusintha. Sankhani kachigawo koonongeka kokha, yesani, mverani pa mahedifoni, ndipo failo yoyamba muisunge padera osaikhudza.

Koma ngati adulidwa 30 mwa 50, ndipo zili choncho korasi yonse, kompyuta ikungopeka. Kwaya imavutanso kuposa munthu mmodzi wolankhula, chifukwa mawu a anthu ambiri osakanikirana sapanga funde losavuta kulosera. Kuthetheka kungachepe, mawu a nyimbo n'kumamveka, koma zoti n'kukaulutsa pa wailesi iwalani.

Chodabwitsa n'chakuti kulemedwa pang'ono, ngakhale sikupweteka khutu kwambiri, ndiko kovuta kuchotsa. Pulogalamu imasowa malire oonekera oti apa ndi pabwino, apa ndi poonongeka. Chimene mungachite ndi kuchepetsako pang'ono mawu akuthwa ndi ikwalaiza. Ine nthawi zambiri ndimangozisiya, chifukwa kukonza kopitirira muyeso kumasiya kwaya ikumveka ngati ikuimbira m'mtsuko.

China: musavomere kukonza failo imene yafika ngati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kapena yosandutsidwa `MP3`. Kupanikiza kumeneko kumakwinyakwinya matebulo aja, pulogalamu n'kulephera kuwazindikira, pomwe kung'ambika kukumvekabe. Pemphani failo yoyamba ya `WAV`, ngakhale zitanthauze kukatenga ndi fulashi.

Lamlungu likudzali, uzani kwaya iyambe yaimba malo okweza kwambiri mapemphero asanayambe, inu muchune kuti mita izifika cha pa `-12 dB` basi.