Yankho la D likamati "onsewa" kapena "palibepo"

Ntchito yanga ndi yokonza mafunso a mayeso, ndipo ndikufuna kutsutsa langizo lina limene ana asukulu amapatsirana: lakuti ukaona "onse ali pamwambawa" ungosankha osaganiza, ndipo "palibe yankho pamwambapa" ndi msampha woyenera kuulumpha. Ana a giledi 7 ku Zingalume, monga anzawo m'Zambia monse, amakonzekera mayeso a bungwe la ECZ amene mayankho ake ndi ochita kusankha, choncho mafunso okhala ndi A, B, C ndi D amakumana nawo chaka chonse. Mayankho awiri aja amafanana pokhala kumapeto kwa mndandanda, koma umboni umene lililonse limafuna ndi wosiyana.

Tiyambe ndi "onsewa". Tinene kuti funso likuti: ndi dziko liti limene lachita malire ndi Zambia? A ndi Malawi, B ndi Mozambiki, C ndi Namibia, D ndi onsewa. Mwana wa m'boma la Chadiza sachita kuuzidwa za Malawi ndi Mozambiki, poti onsewo ndi maiko apafupi ndi kwawo, koma za Namibia akhoza kukayika. Asade nkhawa. Funsoli lili ndi yankho limodzi lokha, ndiye ngati A ndi woona ndipo B ndi woonanso, sangasankhe mmodzi n'kusiya mnzake. Chotsala ndi D, ngakhale Namibia sanamuonepo pamapu. Tsono tichotse Mozambiki, pa B tiikepo Kenya. Mwana wodziwa kuti Kenya sagundana ndi Zambia wagwetsa mayankho awiri nthawi imodzi, B ndi D, pakuti bodza limodzi likalowa "onsewa" sangaime. Koma apa funso lawonongeka, chifukwa Malawi ndi Namibia atsala onse oona. Wokonza funso amene akufuna kuti D akhale wolakwa ayenera kusiya choona chimodzi chokha, ndipo n'chifukwa chake zoona ziwiri zimakwanira kuloza D. Ambiri amagwa chifukwa cha phuma: awerenga A, aona kuti ndi zoona, adetsa kabokosi, B osamuyang'ana n'komwe.

"Palibepo" alibe njira yachidule yotere. Kugwetsa mayankho awiri sikukwanira. Ayenera kugwa onse atatu. Taganizani funso la masamu lofuna 3/4 ya K240, pamene A ndi K60, B ndi K80, C ndi K320, D ndi palibepo. Manambalawa sitimangowatola. K60 ndi wa mwana amene wagawa ndi 4 n'kuiwala kuchulukitsa ndi 3, K80 ndi wa amene wagawa ndi 3, K320 ndi wa amene watembenuza zonse. Yankho lenileni, K180, mulibemo. Njira yake ndi kuphimba mayankho ndi dzanja, kuwerengera wekha, kenaka n'kufunafuna chimene wapeza. Chikasowa, werengeranso kamodzi mwa njira ina, monga kuchotsa K60 pa K240. Zikagwirizana, sankha D, usakokere yankho lako ku nambala yoyandikira.

Wina anganene kuti langizo la ana lija lili ndi maziko, poti aphunzitsi ambiri amaika "onsewa" pokhapokha ali yankho. Zimachitikadi, makamaka pa mayeso olembedwa mothamanga kumapeto kwa teremu. Koma limenelo ndi khalidwe la mphunzitsi mmodzi, ndipo mwana amene wazolowera kuwerenga mphunzitsi m'malo mowerenga funso amasowa pogwira pepala likachokera kwina. Winanso anganene kuti ndikuphunzitsa ana ukathyali. Ayi, njira zonsezi zimayamba ndi chinthu chimene mwana akuchidziwadi, ndipo wosadziwa dziko ngakhale limodzi sizimuthandiza. Vuto lenileni lili kwa ife okonza. Mwana wopeza K190 molakwitsa asankhanso D n'kukhoza chimodzimodzi ndi wopeza K180, ndipo wochonga sangawasiyanitse. Mu 2002 Haladyna, Downing ndi Rodriguez, atasanthula mabuku ndi kafukufuku wa kalembedwe ka mafunso, analangiza kuti "onsewa" azipewedwa ndipo "palibepo" azigwiritsidwa ntchito mosamala. Ine ndingamusiye "palibepo" pa masamu ndi pa kalembedwe ka mawu, pamene yankho ndi loona kapena labodza basi. Pa funso lofuna yankho loposa ena sayenera kupezekapo, chifukwa mwana wanzeru angathe kuganiza lina labwinopo limene silinalembedwe.

Lamulo la zoona ziwiri lili ndi malire ake. Mndandanda ukakhala ndi yankho lonena kuti "A ndi B okha", zoona ziwiri sizilozanso "onsewa", ndipo chachitatu chija mwana ayenera kuchidziwa payekha. Funso likatinso "ndi liti limene silili", mawu oti "sili" amatembenuza zonse, choncho aike kachizindikiro ka zoona kapena bodza pambali pa yankho lililonse papepala la mafunso asanakhudze pepala loyankhira.