Memori yadzaza: ikudontha kapena ndi kashe chabe?

Aliyense woyang'anira seva ya Linux, kompyuta yosatseka usiku ndi usana yomwe imasunga webusaiti kapena kaundula wa ofesi, tsiku lina amaona girafu ya memori itafika kudenga, mtima nkugunda. Ambiri amathamangira kuzimitsa makina ndi kuyatsanso. Kawirikawiri amakhala akuchiza matenda omwe palibe.

Linux simalola memori kukhala chabe. Fayilo ikawerengedwa kuchokera pa disiki, imasungidwanso mu memori kuti ikafunikanso ipezeke msanga, pakuti disiki njochedwa. Chosungidwachi ndiye kashe, ndipo pulogalamu ina ikafuna malo, Linux imachotsa kasheyo nkupereka malowo. Kudontha kwa memori ndi nkhani ina. Apa pulogalamu imatenga memori, kuigwiritsa ntchito, koma osaibweza, ndipo palibe angailande kufikira pulogalamuyo itatsekedwa.

Poyambira ndi lamulo ili:

```
free -h
```

Tiyerekeze seva ya 8 GB. Pansi pa `free` palembedwa 300 MB, pa `buff/cache` pali 4.5 GB, pa `available` pali 4.2 GB. Woona 300 MB yokhayo aganiza kuti zinthu zavuta, chonsecho sevayo ili bwinobwino. Nambala yoikhulupirira ndi ya `available`, yomwe inabwera ndi Linux 3.14 mu 2014: imayerekeza memori imene mapulogalamu angapatsidwe pompano, kuphatikizapo kashe yochotseka. Girafu yophatikiza kashe ndi memori ya mapulogalamu mu mzere umodzi imangoopseza anthu pachabe, ndipo ine ndimati isinthidwe.

Komabe nambala ya tsiku limodzi siingagwire kudontha. Pamafunika girafu ya masiku angapo, makamaka sabata yathunthu, kuti muone masana a ntchito yambiri, usiku, ndi Lamlungu pomwe. Kashe imakwera mofulumira makina akangoyatsidwa, kenaka imafika pena nkulekeza, mzere nkugona. Kudontha sikulekeza. Mzere wa pulogalamu yodontha umakwerabe pang'onopang'ono, ntchito ikachepa usiku subwerera pomwe unali, ndipo mzere wa `available` umatsika mofanana nawo.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa mapulogalamu olembedwa mu Java ndi zilankhulo zina zodzitolera zokha zinyalala za mu memori. Girafu ya memori ya mkati mwa pulogalamu yotere imaoneka ngati mano a sowo: kukwera, kugwa mwadzidzidzi, kukweranso. Kugwako ndi nthawi imene zinyalala zatoledwa. Nsonga za manowo zisakudetseni nkhawa. Yang'anani pansi pake, pomwe mzere umatera ukagwa, chifukwa pamenepo ndi pomwe paoneka memori imene pulogalamu yaumirira. Ukamatera pamodzimodzi tsiku ndi tsiku, zili bwino. Ukamatera pamwambako nthawi iliyonse, memori ikudontha.

Tibwerere ku seva yathu ija. Lolemba mzere ukutera pa 1.2 GB, Lachiwiri pa 1.4, Lachitatu pa 1.6, pofika Lachisanu pa 2.0 GB, pomwe ogwiritsa ntchito sanachuluke. Ndiye kuti 200 MB ikupita tsiku lililonse. Ngati Lolembalo `available` inali 4.2 GB ndipo palibe malire oikidwa pa pulogalamuyo, memori itha m'masabata atatu. Chodabwitsa nchakuti m'masiku amenewo kashe imachepa, chifukwa Linux imaichotsa popatsa malo pulogalamu yadyerayo. Choncho kashe yomwe ikufota pomwe nambala ya `RES` ya pulogalamu imodzi mu `top` ikukula ndi chizindikiro choipa kuposa kashe yodzaza. Kumapeto makina amayamba kulemera, ndipo Linux imapha pulogalamu ina kuti ipulumutse zotsalazo. Umboni mumaupeza mu `dmesg`, pa mzere wonena `Out of memory`.

Pali misampha iwiri. Ngati pulogalamu imayatsidwanso usiku uliwonse, girafu imagwa tsiku ndi tsiku ndipo kudontha kumabisala. Zikatero yerekezani kukwera kwa mkati mwa tsikulo ndi kuchuluka kwa ntchito. Msampha wina ndi kashe yomwe pulogalamu imadzisungira yokha. Iyi Linux singaichotse, ndipo ngati wolemba pulogalamu sanaiikire malire, imakula osalekeza. Kaya mwini wake aitche kashe, mathero ake ndi omwewo a kudontha, ndipo mankhwala ake ndi kuiikira malire a kukula kapena nthawi yoti zakale zizichotsedwa.

Kuyatsanso makina kumafafaniza umboni, vuto nkudzabweranso. Musanatero, sungani girafu ya sabata yonse, lembani dzina la pulogalamu yomwe ikukula ndi kuchuluka kwa memori yomwe ikupita patsiku, ndipo mutumize zimenezi kwa amene analemba pulogalamuyo.