Anthu achialubino alipo angati m'Malawi? Yankho likudalira yemwe adawerenga

Taganizirani mkulu wa zaumoyo m'boma lina la anthu 500,000 yemwe wauzidwa kuti aitanitse mafuta oteteza khungu ku dzuwa a anthu achialubino, okwanira chaka chonse. Asanalembe kalata yoitanitsira, ayenera kudziwa kuti anthuwo alipo angati. Akapita kukafufuza m'magazini a akatswiri a sayansi, momwe nkhani simalowa isanaunikidwe ndi akatswiri ena, apezamo zambiri za malungo ndi edzi, koma za chiwerengero cha anthu achialubino m'dziko muno apeza zochepa kwambiri. Chimene chatsala ndi malipoti a boma ndi a mabungwe. Kuwagwiritsa ntchito si kulakwa, koma amafuna wowerenga wodziwa kuwafunsa mafunso.

M'chaka cha 2016, kuphedwa kwa anthu achialubino kutafika povuta, chiwerengero chimene chinkamveka paliponse chinali cha anthu 7,000 mpaka 10,000. Bungwe la Amnesty International lidachilemba mu lipoti lake la mu Juni chaka chimenecho, ndipo nyuzipepala ndi mawailesi adachibwereza mpaka chidakhala ngati chodziwika kwa aliyense. Patangopita zaka ziwiri, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya ku Zomba idachita kalembera wa 2018. Mwa anthu oposa 17.5 miliyoni, kalemberayu adapeza anthu achialubino 134,636.

Kusiyanaku si kwamasewera. Chiwerengero cha 10,000 chikutanthauza munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 1,750, pomwe cha kalembera chikutanthauza mmodzi mwa anthu 130 okha. Mkulu wa zaumoyo uja akatsata choyamba, aitanitsira mafuta anthu osakwana 300. Akatsata chachiwiri, aitanitsira anthu oposa 3,800. Kwina anthu apsa ndi dzuwa mafuta atatha, kwina makatoni afika tsiku lotha mphamvu ali m'nyumba yosungiramo mankhwala.

Ambiri angathamangire kunena kuti cha boma ndiye choona, poti kalembera amayenda khomo ndi khomo. Ine ndingati tiyambe tafunsa mmene chiwerengero chilichonse chidabadwira. Cha 7,000 mpaka 10,000 chinali chongoyerekeza. A Amnesty sadabwere kudzawerenga anthu, adabwera kudzafufuza za nkhanza, ndipo chiwerengerocho chidangolowa mu lipoti pofotokoza kukula kwa gulu lomwe linali pachiopsezo. Kuchiona m'malipoti khumi sikutanthauza kuti anthu khumi adawerenga paokhapaokha. Nthawi zambiri mukatsata mmbuyo, mumapeza kuti onse adatunga pachitsime chimodzi. Choncho ntchito yoyamba ndi kutsegula kumapeto kwa lipoti, kapena timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba, n'kuona komwe mlembi adatenga nambalayo. Ngati akuloza lipoti lina, litsateni, mpaka mufike pa amene adawerengadi kapena amene adangoyerekeza.

Kalembera naye ali ndi pomwe amaterera. Wolembera si dokotala, ndipo sayeza munthu khungu kapena maso. Amafunsa yemwe wamupeza pakhomo, amene amayankhira banja lonse, kuphatikizapo omwe apita kumunda kapena kusukulu. Ndiye yankho limadalira mmene funso lidamvekera m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Wina akhoza kutchula mwana woyera khungu chabe, kapena wa nthenda ina yotuwitsa khungu mawangamawanga. Chala cha wolembera chikhozanso kuphonya pa kachipangizo kolembera. Pa chinthu chofala, zolakwika zotere sizisintha zambiri. Koma pa chinthu chosowa zimasokoneza kwambiri: ngati mwa anthu 200 alionse mmodzi yekha alembedwa molakwa, m'dziko la anthu 17.5 miliyoni ndiye kuti anthu pafupifupi 87,000 alowa m'gulu lomwe si lawo. Sindikunena kuti izi ndi zomwe zidachitika, koma kuti pang'ono pokha pakhoza kutupitsa nambala motero. Mbali inayo, pa nthawi imene anthu ankasakidwa ngati nyama, mabanja ena akadatha kubisa mwana kwa mlendo wobwera ndi mafunso.

Apa m'pamene zochepa zija za m'magazini a sayansi zimagwira ntchito, ngakhale zisakunena za Malawi. Nkhani ina yomwe idatuluka mu 2006, yosonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa, idapeza kuti m'madera ambiri munthu wachialubino amakhala mmodzi mwa anthu 5,000 mpaka 15,000, ndipo m'magulu ena a anthu amafika mmodzi mwa 1,000. Izi sizikutiuza nambala ya dziko lathu, koma zikutipatsa muyezo. Mmodzi mwa 1,750 akukwanira m'muyezowo. Mmodzi mwa 130 ali kutali zedi, moti wogwiritsa ntchito nambala ya kalembera ayenera kunena poyera kuti ndi yochokera pa zomwe mabanja adayankha, osati pa kuyeza kwa achipatala. Pali njira inanso yapafupi imene mphunzitsi aliyense angayese. Ngati mmodzi mwa 130 n'zoona, sukulu ya pulaimale ya ana 1,300 iyenera kukhala ndi ana achialubino pafupifupi khumi. Kufunsa aphunzitsi aakulu a sukulu zingapo m'dera kungasonyeze msanga ngati nambalayo ikugwirizana ndi zooneka ndi maso, bola kukumbukira kuti ana ena amasiya sukulu chifukwa cha mantha kapena vuto la maso.

Tisatengere apa kuti malipoti a mabungwe ndi opanda pake. Pa nkhani ya nkhanza, lipoti la Amnesty la 2016 lidachita zomwe magazini a sayansi sakadachita pa nthawi yake. Lidanena kuti kuyambira Novembala 2014 anthu osachepera 18 adaphedwa, ena asanu adasowa, ndipo apolisi adali atalandira milandu 69. Kafukufuku wa ku yunivesite amatenga zaka kuti avomerezedwe, achitike ndi kusindikizidwa, pomwe anthu ankaphedwa mwezi ndi mwezi. Komabe mawu akuti "osachepera" asamadumphidwe. Izi ndi nkhani zomwe zidafika kupolisi kapena kwa ofufuza, ndipo pamene wachibale ali m'gulu la oganiziridwa, si zonse zimatuluka m'mudzi. Ndiponso milandu 69 si imfa 69, chifukwa muli kuba anthu, kufukula manda ndi kupezeka ndi mafupa. Mtolankhani wosakaniza ziwirizi amapereka chida kwa ofuna kunena kuti nkhani yonse ndi yokokomeza. Ndi bwinonso kukumbukira kuti bungwe lomenyera ufulu limalemba pofuna kuti boma lichitepo kanthu, monganso unduna umalemba pofuna kuoneka kuti ukugwira ntchito. Zimenezi sizisandutsa lipoti kukhala bodza, koma zimasankha zomwe zikhale patsamba loyamba.

Nanga mkulu wa zaumoyo uja atani? Ayambe ndi kaundula wa zipatala za m'boma lake, ndi maina omwe nthambi ya bungwe la anthu achialubino la APAM ili nawo, achotse obwerezedwa. Nambala imeneyo ndi yapansi, poti ili ndi okhawo omwe adafika kuchipatala kapena kumsonkhano. Nambala ya kalembera aitenge ngati yapamwamba kwambiri. Kenako apemphe alangizi a zaumoyo a m'midzi ingapo kuti atsimikize khomo ndi khomo, mosamala kuti mndandanda wa maina ndi malo usagwe m'manja olakwika. M'kalata yoitanitsira mafuta alembe nambala zonse, chaka chake, ndi yemwe adawerenga iliyonse, ndipo aitanitse motsatira kaundula n'kuonjezerapo pang'ono, kuti adzakonzenso zotsatira za alangizi zikabwera.