Mphete Yochokera ku Joni Ikayamba Chikasu

Kuno ku Mzimba, kuyambira pa Boma mpaka ku Embangweni ndi ku Jenda, mabanja ambiri ali ndi wachibale amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo mphete zina zaukwati zimabwera kuchokera kumeneko. Imafika yoyera mbee. Pakatha chaka yayamba kaonekedwe kachikasu kumunsi kwake, ndipo ife timathamangira kunena kuti mkamwini anagula yachinyengo. Nthawi zambiri timakhala tikumunamizira.

Golide woyera sakumbidwa pansi. Osula amasakaniza golide wachikasu ndi zitsulo zotuwa monga siliva, paladiyamu kapena nikelo. Tikaona nambala 375 m'kati mwa mphete, ndiye kuti pa magawo 1,000 alionse, 375 ndi golide; ikakhala 750, golideyo ndi wochulukirapo. Koma kusakanizako sikuchotseratu chikasu. N'chifukwa chake pomaliza amaiviika m'mankhwala n'kudutsitsamo magetsi kuti ikutidwe ndi rodiyamu, chitsulo chowala cha m'gulu la pulatinamu chimene chochuluka chimachokera ku South Africa komweko.

Chikuto chimenechi n'chopyapyala kwambiri, moti tsitsi limodzi limachiposa kunenepa maulendo makumi angapo. Rodiyamu ndi wolimba ndithu, koma mchenga umamuposa. Tsono taganizirani mayi amene m'mawa wagwira mpini wa khasu, wapopa madzi pa mjigo, kenako wakwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa. Ntchito iliyonse ikupala pang'onopang'ono, makamaka mbali ya kuchikhatho. Pamwamba pa chala pamakhalabe powala, pamene pansi pasintha kale. Zikatero, chimene tikuonacho ndi golide mwini wake. Chodetsa nkhawa ndi china: pansi pakaoneka pofiirira, kapena chala chikasanduka chobiriwira, mwina m'katimo ndi mkuwa.

Nanga tiikutitsenso liti? Kwa mphete yovala tsiku ndi tsiku, osula amati pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Ife tikuona kuti kuwerenga miyezi kulibe phindu kwenikweni. Ngati mtunduwo sukutivuta, tingaisiye, chifukwa mpheteyo siikuonongeka. Ndiponso asanaikute amayamba aipukuta ndi makina kuti zokalika zichoke, ndipo kagolide pang'ono kamapita nawo. Kubwereza pafupipafupi kumaionda.

Pamene sitiyenera kuzengereza ndi pamene chala chayamba kuyabwa ndi kutuluka tizilonda pansi pa mphete. Khungu la anthu ena siligwirizana ndi nikelo, ndipo rodiyamu ndiye ankatchinga. Tiivule mpaka itakutidwanso.

Ntchitoyi ndi ya wosula mphete amene ali ndi zida zokutira ndi magetsi. Mankhwala opukutira a kusitolo sangabwezere chikutocho. Wachibale akamabwerera ku Joni angathe kupita nayo. Ikabwerako, tiziivula pokwecha mapoto ndi pochapa ndi jiki, amene amafooketsa zitsulo zosakaniza ndi golide.